Msonkho wa geni ya nsomba: amawerengera phindu, osati ndalama zonse zomwe zadutsa m'manja

Funso: Ine ndimapanga geni ya nsomba kuno ku Mangochi, ndimagula chambo ndi usipa kunyanja, zina ndimapereka m'maloji awiri zina ndimatumiza ku Limbe. TPIN ndili nayo. Chaka cha Epulo 2024 mpaka Malichi 2025 ndagulitsa za K38,400,000 ndiye mnzanga akuti a MRA atenga 30% ya zonsezo, koma ine ndikachotsa salale yanga, ngongole ya kubanki ndi filiji yomwe ndinagula ndikupeza kuti ndaluza. Zoona zake ndi ziti? Ndatumizanso zithunzi za kope langa.

Yankho:

Mayi, khazikitsani mtima pansi kaye, mnzanuyo walakwitsa, koma inunso masamu anu ali ndi pena pamene a MRA sangavomere. Msonkho wanu ulipo ndithu, si ziro ayi, komanso si K11,520,000 yomwe yakusowetsani tulo ija. Ndaona kope lanu tsamba ndi tsamba ndipo ndikuyamikeni, ambiri omwe amabwera kwa ine amabwera ndi jumbo la mapepala onyowa, inu mwalemba tsiku ndi tsiku. Tiyeni tiyende limodzi ndi manambala anu omwewo.

Choyamba chomwe ndikufuna chikhazikike m'mutu ndi ichi, geni yanu si kampani. Simunalembetse limitedi, ndiye pamaso pa lamulo la msonkho inu ndi geniyo ndinu munthu m'modzi. Phindu lonse la geni ndi ndalama zanu, kaya mwazitulutsa kukagula ufa kaya mwazisiya mu Mpamba. Pachifukwa chimenechi K300,000 yomwe mumadzipatsa mwezi ndi mwezi nkumalemba kuti salale yanga, K3,600,000 pachaka, siichotsedwa. Munthu sadzilemba yekha ntchito. Ndalama imeneyo ndi phindu lomwe mwatapa kukadya kunyumba basi. Ndikudziwa zimawawa kumva chifukwa inu ndi amene mumadzuka 3 koloko m'mawa kukadikira mabwato, thukuta ndi lanu, koma malipiro a thukutalo ndi phindu lomwelo, ndipo ndi lomwe amadulapo msonkho. Anyamata anu awiri aja ndi nkhani ina, awo ndi antchito enieni, malipiro awo amachotsedwa onse.

Tiyambe ndi zogulitsa. Pa K38,400,000 ija, K9,000,000 ndi ya kumaloji, ndipo ndaona kuti kumasamu anu oluza aja munaika K8,730,000 yomwe inalowa ku akaunti. Ikani yonse K9,000,000. K270,000 yomwe anakudulani, 3% ija, si kuti munagulitsa motchipa, ndi msonkho wanu womwe a loji anakudulirani nkukapereka ku MRA m'dzina lanu, pa sitifiketi yake pamalembedwa Withholding Tax. Tikumana nayo kumapeto, ibwerera kwa inu, musaiiwale.

Kenako mtengo wa nsomba zomwe munagulitsa. Apa ndi pomwe anthu ambiri a geni amasokonezeka chifukwa amangotenga zonse zomwe anagula chaka chonse. Sitichotsa zomwe munagula, timachotsa zomwe munagula nkugulitsa. Pa 1 Epulo 2024 munali ndi sitoko ya K600,000 yotsala chaka chapitacho, m'chaka munagula za K24,000,000, ndipo pa 31 Malichi 2025 mufiliji ndi m'matumba a usipa wouma munatsala za K900,000 pa mtengo wogulira. Ndiye 600,000 kuphatikiza 24,000,000 kuchotsa 900,000 ikutipatsa K23,700,000. Za K900,000 zotsalazo sizinataike, zidzakhala zoyambira chaka chotsatira ndipo zidzachotsedwa kumeneko.

Palinso ndiwo za pakhomo. Mwalemba nokha m'mbali mwa kope kuti kunyumba, kunyumba, pafupifupi sabata iliyonse, ndawonkhetsa zikukwana K360,000 pa mtengo wogulira. Nsomba zimenezo anadya ana, sizinalowe mu geni, ndiye tizichotse pa mtengo uja itsale K23,340,000. Ena amati aaa ka chambo kamodzi ka ndiwo nkachani, koma mwaona nokha kuti pachaka kakwana ndalama. Ndipo ofisala wa msonkho aliyense akudziwa kuti wogulitsa nsomba sagula nsomba kumsika, akapanda kuona mzere umenewu amayamba kukayikira kope lonse.

Ndiye 38,400,000 kuchotsa 23,340,000, phindu loyamba ndi K15,060,000. Apa sitinachotse zoyendetsera geni.

Ndisanapitirire, pali tsiku lina mu Novembala lomwe mwalemba kuti magetsi anazima masiku awiri chambo cha K420,000 chinaonongeka, ndipo mwazungulizapo ndi cholembera chofiira. Pepani kwambiri, kutentha kwa Mangochi mwezi umenewo nsomba sipirira ngakhale tsiku. Koma musachotsenso K420,000 imeneyi payokha. Chambo chimenecho chili kale mkati mwa K24,000,000 yogula ija, ndipo poti sichinagulitsidwe komanso sichili mu sitoko yotsala, masamu achichotsa kale okha. Mukachiikanso pa ndalama zotuluka ndiye kuti mwachotsa kawiri. Cholembacho chisungeni ndithu, chimathandiza kufotokoza chifukwa chomwe phindu la mwezi umenewo linatsika akakufunsani.

Tsopano ndalama zoyendetsera geni. Lamulo lathu la Taxation Act, gawo 28, limalola kuchotsa ndalama zomwe mwagwiritsa ntchito pa geni yokhayokha, zofunikadi kuti ndalama ilowe, komanso zisakhale zogulira katundu wokhalitsa. Ine ndikamathandiza anthu ndimangowafunsa funso limodzi pa mzere uliwonse, kodi geni ikanapanda kukhalapo ndalama iyi mukanaitulutsabe? Ngati yankho ndi eya, monga fizi ya mwana, lendi ya nyumba yogona, chopereka cha kumaliro, sadaka, chakhumi, imeneyo ndi yanu ya pakhomo. Ngati yankho ndi ayi ndiye kuti ili panjira yoti ichotsedwe.

Zina zanu ndi zosavuta. Lendi ya shopu K100,000 pamwezi, K1,200,000 pachaka, yonse. Anyamata awiri K130,000 aliyense pamwezi, pachaka K3,120,000, yonse, ndipo poti aliyense sanafike K150,000 pamwezi chaka chimenecho panalibe msonkho wa pa malipiro, PAYE, woti muwadule, koma azisainira akalandira, kapepala ka dzina, mwezi ndi siginecha kapena chidindo cha chala. Ayezi, mapepala apulasitiki, matumba ndi makatoni K840,000. Thiransipoti, kabaza wochokera kudoko ndi matola a ku Limbe, K1,560,000. Layisensi ya kukhonsolo K90,000. Zonsezi palibe mkangano bola umboni ulipo, za umboni ndinena pansipa chifukwa ndi pomwe pali vuto lenileni la geni ya nsomba.

Zosakanikirana ndi zomwe zimafuna kuganiza. Mafiliji anu ali kunyumba ndipo mita ya ESCOM ndi imodzi, mayunitsi a K960,000 omwe munagula anayatsanso mababu, wailesi, fani ndi ayironi. Simungachotse yonse, komanso musaope kuchotsako. Mugawe mwachilungamo ndipo mukhale ndi chifukwa. Njira yosavuta ndi kuyang'ana mwezi womwe mafiliji anali ozima kapena asanabwere, nyumba yokha inkadya mayunitsi a ndalama zingati. Mu kope lanu zikuoneka kuti nyumba payokha imadya pafupifupi K20,000 pamwezi, ndiye K240,000 ndi ya pakhomo, K720,000 ndi ya geni, magawo atatu mwa anayi. Foni chimodzimodzi, K240,000 ya mayunitsi ndi bandulo, foni yomweyo mumaimbira asodzi ndi makasitomala komanso mumaimbira achibale, ine ndaika theka, K120,000. Munthu akakufunsani bwanji theka mukhoza kuyankha osachita chibwibwi, ndiye muyeso wake umenewo.

Ngongole ya kubanki. Munabweza K2,400,000 m'chaka, koma mkati mwake muli zinthu ziwiri zosiyana. K2,000,000 ndi ndalama yomwe munabwereka ija mukuibweza, K400,000 ndi chiwongoladzanja. Chochotsedwa ndi chiwongoladzanja chokha. Ganizani motere, tsiku lomwe banki inakupatsani K2,000,000 simunailembe ngati zogulitsa ndipo palibe anakudulani msonkho, ndiye pobweza simungailembenso ngati yotuluka. Komanso ndalamayo munagulira nsomba ndi filiji, zomwe tikuzichotsa kale panjira yake. Pemphani sitetimenti ya ngongoleyo kubanki, imasiyanitsa ziwirizi bwinobwino. Ndipo chiwongoladzanjacho chikuloledwa chifukwa ngongole inalowa mu geni, ikanakhala ya malata a nyumba yanu bwenzi sitikuchikhudza nkomwe.

Filiji ya K1,500,000 nayo siichoka yonse chaka chimodzi, chifukwa ikugwirirani ntchito zaka zambiri, si ngati ayezi yemwe wasungunuka pofika madzulo. Katundu wotere amachotsedwa pang'onopang'ono, a msonkho amati kapito alawansi, ndipo mlingo wake umatengera mtundu wa chinthucho, galimoto, mipando, kompyuta, chilichonse ndi peresenti yake. Pa makina chaka chogula pamakhala alawansi yoyambira kuphatikiza ya pachaka. Mu masamu athu ano ndaika 20% yoyambira, K300,000, ndi 10% ya pachaka, K150,000, pamodzi K450,000. Yotsala K1,050,000 siinapite, chaka chamawa mudzachotsa peresenti ya pachaka pa yotsalayo, chaka chinacho chimodzimodzi, kumangotsika choncho. Koma filiji ikafa gasi nkuitana mmisiri kudzakonza, ndalama yokonzetsera imachoka yonse chaka chomwecho chifukwa simunagule chinthu chatsopano, mwangobwezeretsa chakale.

Tiwonkhetse. Lendi 1,200,000, malipiro 3,120,000, magetsi 720,000, ayezi ndi zolongedzera 840,000, thiransipoti 1,560,000, foni 120,000, layisensi 90,000, chiwongoladzanja 400,000, alawansi ya filiji 450,000, zonse pamodzi K8,500,000. Kuchotsa pa K15,060,000 ija kutsala K6,560,000. Imeneyi ndiye ndalama yodulidwa msonkho, osati 38 miliyoni.

Mwina mukuti nanga ndalama imeneyi ili kuti poti ku akaunti kulibe kanthu. Ili mu K3,600,000 yomwe munadya pakhomo, mu ngongole yomwe mwachepetsa, mu filiji yomwe yaima pakhonde panu, mu sitoko yomwe yakwera. Simunaluze mayi, munapindula, kungoti phindulo silinakhale m'thumba. Ndipo ichi ndi chizindikiro chomwe a MRA amayang'ana, munthu akulemba kuti waluza chaka ndi chaka koma ana ali pasukulu yolipira, lendi ikulipidwa, geni ikukula. Zikatero amadziwiratu kuti za pakhomo zasakanikirana ndi za geni.

Tsopano tifike pa 30% ya mnzanu ija. Munthu wa geni payekha amadulidwa ndi magawo omwewo omwe amadulira anthu apantchito, kungoti ife timawatenga a chaka chonse, kuchulukitsa ndi 12. Kuyambira Epulo 2024 K150,000 yoyamba pamwezi inali yosadulidwa, kuchoka pa K100,000 yomwe inalipo kale. Pachaka ndiye kuti K1,800,000 yoyamba ndi 0%, K4,200,000 yotsatira ndi 25%, kuchokera pa K6,000,000 kukafika K30,600,000 ndi 30%, yopitirira pamenepo 35%. Awa ndi magawo a chaka chomwe mwafunsachi. Amasintha ndi bajeti ya boma, ndiye chaka chilichonse muzitenga a chaka chimenecho, osakopera a pano mpaka kalekale.

Chomwe anthu samvetsa ndi choti peresenti iliyonse imaluma gawo lake lokha. Ganizani za ndowa zomwe mumayezera usipa. Muli ndi mulu wa K6,560,000 pa mkeka. Ndowa yoyamba imalowa K1,800,000, mwaidzaza, imeneyo ndi yanu yonse palibe akhudzepo. Ndowa yachiwiri imalowa K4,200,000, mwaidzazanso, pa imeneyi boma litenga kota. Pa mkeka patsala K560,000 yokha, ndiyo ikulowa mu ndowa yachitatu ya 30%. Kulowa kwa K560,000 mu ndowa yachitatu sikusintha kanthu pa ndowa ziwiri zoyamba zija.

```
1,800,000 x 0%  = 0
4,200,000 x 25% = 1,050,000
  560,000 x 30% = 168,000
```

Msonkho wonse wa chaka ndi K1,218,000. Mukaugawa ndi phindu lanu mupeza kuti pa K100 iliyonse mukupereka pafupifupi K18.60, ngakhale mwafika mu gawo la 30%. Mukanangomenya 30% pa phindu lonse bwenzi mukupeza K1,968,000, kudzibera nokha K750,000. Ndimakumana ndi anthu omwe amakana oda yaikulu kumapeto kwa chaka poopa kuti alowa gawo lapamwamba ndiye msonkho uwamaliza. Sizitheka zimenezo. Mukapindula K100,000 ina pamwamba, boma litenga K30,000, K70,000 ndi yanu, palibe pomwe kupindula kwambiri kumakusiyani ndi zochepa kuposa poyamba.

Ubwino wina wowerengera pachaka ndi woti geni ya nsomba siyenda mofanana. Miyezi ya mwera asodzi salowa m'madzi bwino, nyengo yotseka nyanja chambo chimasowa, pomwe miyezi ina mumapanga ndalama zoti mwezi umodzi ukuposa itatu. Miyezi yoipayo imadya phindu la miyezi yabwino musanafike pa magawo, sakudulani mwezi wabwino pawokha.

Koma ndowa ya ziro ija ndi imodzi pa munthu, osati pa geni. Ngati muli ndi nyumba ya lendi, kapena ka geni kena ka salauni, kapena muli pantchito pena pomwe akukudulani PAYE, zonsezo zimathiridwa pa mulu umodzi kenako nkuyamba kudzaza ndowa. Mphunzitsi yemwe amagulitsanso nsomba, salale yake yadzaza kale ndowa yoyamba, ndiye phindu la nsomba limayambira pomwe salale yalekezera. Mu kope lanu sindinaone ndalama ina, ngati ilipo mundiuze chifukwa pamenepo ndiye kuti kwacha iliyonse yowonjezera ikugwera pa 30%.

Tsopano K270,000 ija ibwere. Imachotsedwa pa msonkho weniweniwo, osati pa phindu. 1,218,000 kuchotsa 270,000 kutsala K948,000, imeneyi ndiye yoti mupereke. Kusiyana kwake nkwakukulu, mukaiika molakwika ngati ndalama yotuluka ikupulumutsani K81,000 yokha m'malo mwa K270,000 yonse. Koma kuti ivomerezeke pafunika masitifiketi ochokera kumaloji aja, ndipo ikhale kuti anaipereka pa TPIN yanu. Pitani mukawatenge panopa, musadikire. Chaka china ndinathandiza bambo wina yemwe ankapereka mpunga ndi nkhuku pa loji ina m'mbali mwa nyanjamu, chaka chonse ankamudula koma sanamupatseko pepala ngakhale limodzi, iye osafunsanso poopa kutaya oda. Titafika polemba ritani, fomu youza a MRA zomwe munthu wapeza pachaka, tinapeza kuti akauntanti wa pamalopo anachoka, watsopano sakudziwa kanthu, ndipo pa TPIN ya bamboyo panalibe chomwe chinalowa. Tinayenda maulendo anayi, zina tinazipeza zina ayi, ndipo pa zomwe sizinapezeke analipira kachiwiri ndalama yomwe anali atadulidwa kale. Zinandipweteka chifukwa munthuyo sanabe kanthu. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti akakudulani, sitifiketi muitenge mwezi womwewo.

Nkhani ya umboni ndiyo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa masamu onsewa aima pamenepo. Msodzi wa ku Makawa kapena ku Malombe sakupatsani risiti, wa kabaza alibe risiti, kondakitala wa minibasi yemwe mwamupatsa katoni ya ku Limbe nthawi zambiri alibenso. Koma K24,000,000 yogula nsomba ndiye mzere waukulu kuposa yonse, ukakanidwa ngakhale theka lokha mwagwa. Taonani chitsanzo chaching'ono, thiransipoti yokha ya K1,560,000 itakanidwa chifukwa chosowa umboni, phindu likwera kufika K8,120,000 ndipo msonkho ukwera ndi K468,000. Pomwe mwafika inu, K1,000 iliyonse yopanda umboni ikukudyerani K300.

Ndiye chochita ndi kudzipangira umboni nokha pa nthawi yomweyo yogula. Gulani kabuku ka risiti ka kaboni kaja kumasitolo a mabuku, kasachoke m'chikwama. Mukagula lembani tsiku, doko, dzina la msodzi kapena mwini bwato, nambala yake ya foni, madazeni kapena ndowa zingati, mtengo, iye asaine kapena adinde chala. Ndikudziwa kuti kudoko m'mawa kumakhala kulimbirana, manja onyowa, wina akukuwa mtengo uku wina akukoka beseni, simungalembe pomwepo nthawi zonse. Lembani mukangokweza katundu musananyamuke, asodzi anu ndi omwewomwewo, akazolowera savuta. Ndipo pomwe zingatheke lipirani pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga uja uli ndi tsiku, dzina ndi ndalama, ndipo sitetimenti yake mukhoza kuipempha. Bwinonso mukhale ndi nambala ina ya geni yokha, yosiyana ndi yomwe mumatumizira agogo kumudzi. Kope lolembedwa tsiku ndi tsiku, lokhala ndi mafuta a nsomba m'masamba, logwirizana ndi mauthenga a pafoni, limakhulupirika kuposa kope loyera lolembedwa ndi cholembera chimodzi usiku umodzi. Lanu lija musalikopere mwatsopano, lisiyeni momwe lilili.

Mbali inayo ya umboni womwewu ndi yoti musabise zogulitsa. Maloji akamakudulani amapereka dzina lanu ndi ndalama zake ku MRA, ndiye K9,000,000 ija akuidziwa kale. Ndipo munthu wolemba kuti anagula za 24 miliyoni nkugulitsa za 25 miliyoni, chikhalirecho akulipira antchito awiri ndi lendi, manambala ake amadziulula okha.

Za nthawi. Ritani imayenera kulowa pasanathe masiku 180 chaka cha mabuku anu chitatha, kwa inu otseka pa 31 Malichi ndiye kuti Seputembala asanathe, ndipo musadikire tsiku lomaliza la mweziwo chifukwa masiku 180 amakwana pa 27. Imalembedwa pa Msonkho Online, ngati zikukuvutani pitani ku ofesi ya MRA ndi kope lanu akuthandizeni kulowa. Palinso msonkho wolipiriratu, pa sikirini mudzaona Provisional Tax, womwe umaperekedwa miyezi itatu iliyonse, pofika pa 25 mwezi wotsatira, ndiye kuti Julaye, Okutobala, Januwale ndi Epulo. Lamulo limafuna kuti pomatha chaka zomwe mwalipiriratu zikhale zitafika 90% ya msonkho weniweni, kwa inu K1,096,200. Mu kope sindinaone kuti munalipirako, ndiye konzekani kuti pakhoza kubwera chilango pamwamba pa K948,000 ija. Musathawe chifukwa cha chimenecho, kuchedwa kumangochikulitsa. Lembani ritani, perekani yomwe mungathe, yotsalayo mukakambirane nawo zolipira pang'onopang'ono.

Mnzanu wina akhoza kukuuzani kuti iye amangolipira kandalama kokhazikika pachaka osawerengera zonsezi. Akunena zoona, umenewo ndi msonkho wa mageni ang'onoang'ono omwe zogulitsa zawo pachaka sizipitirira K12,500,000. Inu ndi 38 miliyoni munadutsa kale pamenepo, njira yanu ndi ino ya phindu.

Chaka chomwe muli nachochi chitani chonchi. K1,218,000 mukaigawa pa miyezi 12 ndi K101,500 pamwezi, kuchotsapo za kumaloji zija kutsala K79,000. Muziika padera ndalama imeneyo, miyezi ya nsomba zambiri muziikako yoposa kuti miyezi ya mwera isakupanikizeni, ndipo pakatha miyezi itatu muzikapereka. Pa 31 Malichi madzulo tsegulani mafiliji muwerenge zomwe zatsala pa mtengo wogulira, mulembe ndi kusaina, chifukwa nambala imeneyo simungaipezenso pakadutsa sabata. Sitetimenti ya ngongole ndi masitifiketi a maloji awiri aja mukazipeza munditumizire, tione ngati K400,000 ndi K270,000 zikugwirizana ndi zomwe zili pamapepala awo musanalembe ritani.